Nambala ya invoisi yotsatira: mmene TEXT imaikira maziro, ndi pamene imakugwetsani

Buku la mainvoisi losindikizidwa kale lili ndi ubwino umodzi umene ambiri sitiuona. Nambala zake zinadindidwa tsamba ndi tsamba, 0047 kenako 0048, ndipo wogulitsa sangathe kupereka nambala imodzi kawiri ngakhale atatopa chotani. Bizinesi ikasiya bukulo n'kuyamba kulemba mainvoisi pa kompyuta, mu Excel, ntchito yowerenga ija imagwera munthu. Mwini shopu amafuna kuti nambala izioneka bwino, monga INV-0048, ndipo izibwera yokha popanda kutsegula invoisi yadzulo kuti aone pamene analekezera. Zimenezi zimatheka ndi fomula ya mzere umodzi. Koma fomula yomweyo, ikaikidwa pamalo olakwika, imasintha nambala za mainvoisi amene makasitomala anatenga kale, ndipo imachita zimenezo mwakachetechete.

Vuto loyamba aliyense amakumana nalo tsiku loyamba. Mukalemba 0048 m'kabokosi ka Excel n'kudina Enter, mumaona 48 basi. Excel yaona kuti mwalemba nambala, ndipo kwa iyo maziro akutsogolo alibe ntchito, choncho yawataya. Mukalemba INV-0048 maziro amakhala, koma tsopano chimene chili m'kabokosimo si nambala ayi, ndi mawu, ngati dzina la munthu. Mungaone kusiyanaku ndi maso: nambala Excel imaikankhira kudzanja lamanja la kabokosi, mawu imawasiya kumanzere. Ndipo mawu sawonkhetsedwa. Mukauza Excel kuti iwonjezere 1 pa INV-0048, imakuyankhani ndi `#VALUE!`.

Ntchito ya TEXT ndi kulumikiza mbali ziwirizi. Imatenga nambala n'kuisandutsa mawu ooneka mmene mwafunira. Tinene kuti m'kabokosi A48 muli nambala 47. M'kabokosi kapambali pake mulembe izi:

```
="INV-"&TEXT(A48,"0000")
```

Chotuluka ndi INV-0047. Fomulayi ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi zilembo zakutsogolo, `"INV-"`, zotsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu kuti Excel izitenge mmene zilili. Chachiwiri ndi `&`, chimene chimamata mawu awiri pamodzi. Chachitatu ndi TEXT, imene yapatsidwa zinthu ziwiri: nambala, ndi chitsanzo cha kaonekedwe. Ziro aliyense m'chitsanzocho ndi malo amene ayenera kudzazidwa. Maziro anayi akutanthauza kuti pakhale manambala osachepera anayi, ndipo pamene nambala yaperewera, ziro alowepo. Motero 7 amakhala 0007, 47 amakhala 0047, 1250 amakhala 1250. Ena amalemba `"####"` poganiza kuti n'chimodzimodzi. Sichoncho: chizindikiro chimenecho chimaonetsa nambala pokhapokha ilipo, ndiye 47 amatuluka 47 yemweyo, wopanda maziro.

Zilembo zakutsogolozo zisiyeni kunja kwa TEXT monga zilili pamwambapa. M'kati mwa chitsanzo cha kaonekedwe, zilembo monga d, m, y, h ndi s Excel imaziwerenga ngati tsiku, mwezi, chaka, ola ndi sekondi. Bizinesi imene ikufuna kuti mainvoisi ake aziyamba ndi zilembo za dzina lake, tinene MD, ikaziika m'katimo idzaona uthenga wa cholakwika kapena manambala a deti pamalo pa dzinalo.

Maziro amenewa si okongoletsa chabe. Kompyuta ikamasanja mawu imayerekeza chilembo ndi chilembo kuchokera kumanzere, ndiye INV-10 imabwera patsogolo pa INV-2, popeza 1 ndi wamng'ono kwa 2. Zimachitikanso chimodzimodzi m'mapulogalamu ambiri osanja mayina a mafayilo. Nambala zonse zikakhala ndi utali wofanana, INV-0002 imakhala pamalo pake patsogolo pa INV-0010, ndipo wowerengera ndalama akamayang'ana mndandanda amaona msanga pamene padumphidwa nambala.

Tsono nambala yotsatira ibwera bwanji? Njira imene ambiri amayamba nayo ndi kutenga invoisi ya mzere wapamwamba, kudula manambala akumapeto, kuwonjezera 1, n'kubwezera zilembo zija. Ngati B48 muli INV-0047:

```
="INV-"&TEXT(RIGHT(B48,4)+1,"0000")
```

RIGHT imatenga zilembo zinayi zomalizira, 0047. Zimenezi zikadali mawu, koma Excel ikaona kuti mukuwonjezerapo 1 imazisandutsa nambala yokha, n'kupeza 48. TEXT imabwezera maziro, ndipo mwapeza INV-0048. Fomulayi imagwira ntchito, ndipo ikhoza kugwira zaka zingapo. Koma ili ndi msampha umene umadikira kutali. Invoisi ya INV-9999 ikadutsa, TEXT sidula nambala ayi, imapereka INV-10000, zomwe zili bwino. Pa mzere wotsatira, RIGHT imatenganso zilembo zinayi zokha, zomwe tsopano ndi 0000, n'kuwonjezera 1. Chotuluka ndi INV-0001, nambala ya invoisi yanu yoyamba ija. Palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Shopu yolemba mainvoisi 30 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, imafika pamenepo m'chaka chimodzi ndi milungu yochepa.

Zofananazo zimachitika msanga ngati wina wasiya kampata kumapeto kwa nambala polemba ndi manja. Kampatako sikaoneka, koma RIGHT imakawerenga ngati chilembo. Pa INV-1047 yokhala ndi kampata, zilembo zinayi zomalizira ndi 047 ndi kampatako, ndiye invoisi yotsatira imakhala INV-0048 m'malo mwa INV-1048. Mankhwala a zonse ziwiri ndi kudulira kutsogolo osati kumbuyo:

```
="INV-"&TEXT(MID(B48,5,10)+1,"0000")
```

INV ndi kamzere kake ndi zilembo zinayi, choncho MID ikuyambira pa chilembo chachisanu n'kutenga zonse zotsala, mpaka khumi ngati zilipo. Nambala italike bwanji, yonse ikutengedwa. Ngati zilembo zanu zakutsogolo n'zazitali kapena zazifupi kuposa pamenepa, sinthani 5 uja moyenera.

Ngakhale itakonzedwa chonchi, ine sindikonda njira imeneyi pa mainvoisi, ndipo chifukwa chake ndiye nkhani yaikulu m'zonsezi. Fomula ndi chinthu chamoyo. Nthawi iliyonse pamene chinachake chasintha pa tsambalo, imawerengeranso. Invoisi si yotero. Ikasindikizidwa n'kupita m'manja mwa kasitomala, nambala yake yatha, siyenera kusinthanso mpaka kale. Mzere uliwonse ukamadalira wapamwamba pake, nambala zonse zimakhala zomangirirana, ndipo kukhudza imodzi ndi kukhudza zonse zam'munsi mwake.

Tiyeni tione pa chitsanzo cha shopu yogulitsa zolembera ndi mapepala kwa masukulu. Yalemba mainvoisi 47, mzere 2 mpaka mzere 48, popeza mzere 1 ndi wa mitu. Sukulu ina yabweza katundu wa invoisi ya INV-0023, ndipo wogulitsa wachotsa mzere wonsewo kuti tsamba lioneke loyera. Fomula ya mzere wotsatira inkayang'ana kabokosi kamene kachotsedwako, ndiye ikuonetsa `#REF!`, ndipo mizere yonse yam'munsi yatengera cholakwikacho. Wogulitsa, pofuna kukonza, akukoka fomula yapamwamba kutsikira nayo m'munsi. Tsamba likuonekanso bwino. Koma invoisi imene inali INV-0024 tsopano ndi INV-0023, ya 0025 ndi 0024, mpaka pansi. Sabata yamawa wosunga chuma wa sukulu ina akutumiza K186,000 n'kulemba kuti ndi za INV-0031. M'kaundula wa shopu, INV-0031 tsopano ili pa dzina la kasitomala wina, ndalama zake zina. Pepala limene sukuluyo ili nalo ndi loona, kompyuta ndiyo ikunama, koma mkangano ukabuka anthu amakhulupirira kompyuta. Ndipo invoisi yatsopano imene shopu ilembe idzatuluka INV-0047, nambala imene wina anatenga kale.

Njira zina zotchuka zili ndi nthenda yomweyi. Ena amagwiritsa ntchito `ROW()-1`, kuti nambala ya invoisi izichokera ku nambala ya mzere. Apa ndiye ngakhale `#REF!` saoneka: mukachotsa mzere, kapena kusanja tsamba potsata mayina a makasitomala, nambala zimangosuntha. Ena amawerenga mainvoisi omwe alipo ndi COUNTA n'kuwonjezera 1. Pa shopu yathuyi, mzere umodzi utachotsedwa patsala mainvoisi 46, ndiye COUNTA ikupereka 47, pomwe INV-0047 ilipo kale.

Kakonzedwe kodalirika n'kosavuta kuposa zonsezi. Tsegulani tsamba limodzi, mulitche Kaundula. Mu mzati A muzikhala nambala yeniyeni, yopanda zilembo, yopanda maziro, yolembedwa ndi manja: 1, 2, 3, mpaka 47. Mu mzati B muike fomula yoyamba ija, yongomata INV ndi maziro pa nambala ya mzere womwewo. Mu C deti, mu D kasitomala, mu E ndalama. Nambala ya mu A ndiye munthu, zimene TEXT imachita mu B ndi yunifolomu chabe. Popeza kabokosi kalikonse ka mu B kakuyang'ana mzere wakewake, mutha kusanja tsamba mmene mungafunire, ndipo nambala iliyonse idzayenda limodzi ndi kasitomala wake.

Nambala yotsatira ikhale ndi kabokosi kakekake, kunja kwa mzati A, pakona ya tsamba kapena pa tsamba lina:

```
="INV-"&TEXT(MAX(Kaundula!A:A)+1,"0000")
```

MAX imayang'ana mzati wonse n'kupeza nambala yaikulu kuposa zonse. Mutu wa pa mzere 1 imaudumpha chifukwa ndi mawu, mabokosi opanda kanthu imawadumphanso. Yapeza 47, yawonjezera 1, ndipo kabokosiko kakuonetsa INV-0048. Sizikudalira kuti mzere womaliza ndi uti, kapena kuti pakati pali mpata. Kaundula akakhala wopanda kanthu, MAX imapereka 0, ndiye invoisi yoyamba imakhala INV-0001. Amene akuchoka ku buku lamapepala limene analekezera pa 0312 angolemba 312 pa mzere woyamba, ndipo kompyuta ipitiriza pa INV-0313.

Zinthu ziwiri zimalakwika pa fomula imeneyi. Mukailozetsa ku mzati B m'malo mwa A, MAX sipeza nambala iliyonse, popeza zonse zotuluka mu TEXT ndi mawu. Imapereka 0, ndipo kabokosi kanu kamakhala pa INV-0001 tsiku lililonse. Mukaona zimenezo, dziwani kuti mwaloza mzati wolakwika, kapena nambala za mu A zinalowa ngati mawu, zomwe mungazindikire poona kuti zatsamira kumanzere, nthawi zina ndi kachizindikiro kobiriwira pakona ya kabokosi. Chachiwiri, mukaika fomulayi m'kati mwa mzati A womwewo, ikhala ikudziyang'ana yokha, ndipo Excel idzakuchenjezani kuti fomula yazungulira n'kudzibwerera.

Kabokosi kameneka kamangokuuzani nambala, sikapereka nambala. Kusiyanaku kukumbukireni pamene mukulemba invoisi yeniyeniyo. Mukalemba 48 mu Kaundula, kabokosi kaja nthawi yomweyo kamasanduka INV-0049. Ngati tsamba losindikiza invoisi likutenga nambala yake kuchokera m'kabokosi kameneko, ndiye kuti mukasindikiza mutalemba kale mu Kaundula, pepala lidzatuluka ndi 0049 pomwe kaundula akuti 0048. Ndi bwino kuti tsamba losindikiza likhale ndi kabokosi kamene mumalembamo 48 ndi manja, TEXT n'kuiveka maziro pamutu pa invoisi. Mwatero mutha kusindikizanso invoisi yakale mwa kungolemba nambala yake. Amene akufuna kukopera nambala yonse, INV-0048, aikopere n'kuimata ndi Paste Special, n'kusankha Values, kuti chimene chamatidwa chikhale mawu okhazikika osati fomula. Invoisi ikatha, isungeninso ngati PDF, dzina la fayilo likhale nambala yomweyo.

Nanga invoisi yolephereka? Mzere wake usachotsedwe. M'buku lamapepala tsamba lolakwika timalidula mzere n'kulemba kuti lafafanizidwa, koma silithotholedwa, ndipo lamulo ndi lomwelo pano. Siyani nambala mu A, ndalama muike 0, pambali mulembe chifukwa. MAX sisokonezeka mukachotsa mzere wapakati, komabe pamatsala mpata umene wofufuza mabuku adzafunsa. Ndipo mukachotsa mzere wa nambala yaikulu kuposa zonse, ya 48 ija, MAX idzabwerera pa 47 n'kukupatsaninso INV-0048, pomwe pepala loyamba lokhala ndi nambala imeneyo mwina lili kale m'chikwama cha kasitomala.

Ambiri amene akuwerenga ali kale ndi mndandanda wautali wa nambala zolembedwa zonse pamodzi, zilembo ndi maziro, popanda mzati wa nambala zokha. Pali fomula imodzi imene imapeza yotsatira kuchokera pamenepo:

```
="INV-"&TEXT(MAX(IFERROR(VALUE(MID(B2:B2000,5,10)),0))+1,"0000")
```

Imadula kabokosi kalikonse, kusandutsa chodulidwacho nambala, n'kutenga yaikulu. Mabokosi opanda kanthu akanabweretsa cholakwika, ndiye IFERROR imaikapo 0. Mu Excel 2021 ndi Microsoft 365 mumangodina Enter. Mu Excel 2019, 2016 ndi zakale, zomwe zikadali m'makompyuta ambiri a m'maofesi mwathu, muyenera kudina Ctrl+Shift+Enter, apo ayi yankho likhoza kukhala lolakwika. Choopsa chake chili pa IFERROR yomweyo, imene imameza cholakwika chilichonse. Wina akalemba invoisi yomaliza ndi chilembo O m'malo mwa ziro, INV-OO47, fomula idzaitenga ngati 0, idzaona kuti yaikulu ndi 46, n'kuperekanso INV-0047. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mndandanda wakale muusinthe kamodzi kokha: tsegulani mzati watsopano, mudule nambala ndi `=VALUE(MID(B2,5,10))`, mukonze mizere yonse imene yaonetsa `#VALUE!`, kenako mumate zotsatirazo ngati Values. Zolakwika zimene fomula yaitali ikanabisa, apa zimaonekera poyera.

Ena amafuna kuti chaka chizioneka, monga INV-2025-0048. Chiyeso chimakhala kutenga chaka kuchokera ku `TODAY()`. Musatero mu Kaundula, chifukwa pa 1 Januwale mainvoisi onse a chaka chatha adzadzuka ndi chaka chatsopano. Chaka chichokere pa deti ya invoisiyo, imene ili mu C, ndipo detiyo nayonso ikhale yolembedwa ndi manja, kapena ndi Ctrl+; imene imaika deti ya lero yosasinthanso:

```
="INV-"&YEAR(C49)&"-"&TEXT(A49,"0000")
```

Mukaona INV-1900 patsogolo, ndiye kuti mwaiwala kulemba deti. Za kuyambiranso pa 0001 chaka chilichonse, zimatheka, koma zimafuna fomula yoyang'ana chaka ndi nambala pamodzi, ndipo mu A mumakhala nambala zobwereza. Kwa bizinesi yaing'ono ine ndimaona kuti phindu lake n'lochepa. Nambala ingopitirira, ndipo ngati mukuyembekezera kudutsa 9999, yambani ndi maziro asanu kuchokera tsiku loyamba, popeza INV-10000 ikasanjidwa ngati mawu imakwera pamwamba pa INV-9999.

Pali njira inanso yosafuna TEXT, imene ndi bwino kuidziwa. Sankhani mzati A, dinani Ctrl+1, musankhe Custom, n'kulemba `"INV-"0000`. Mukalemba 48, kabokosi kaonetsa INV-0048, koma m'kati mwake mukadali nambala 48, ndipo MAX imagwira bwino. Malire ake ndi akuti zilembozo n'zongooneka. Mukamata kabokosiko ndi mawu ena, monga polemba uthenga wokumbutsa ngongole, mumapeza 48 yekha, ndipo fomula yofufuza mawu akuti INV-0048 siipeza. TEXT ndiye imapanga mawu enieni amene angapite kwina.

Fomula ikakanidwa pomwe mwailemba, yang'anani zinthu ziwiri musanaganize kuti n'njolakwika. Ngati mwaikopera pa foni kapena mu Word, zizindikiro zogwira mawu zikhoza kukhala zopindika, ndipo Excel imafuna zoongoka. Zifufuteni n'kuzilembanso pa kiyibodi. Chachiwiri ndi chizindikiro cholekanitsa zigawo za fomula. Makompyuta okonzedwa motsata kalembedwe ka ku Joni kapena ku Mozambique nthawi zambiri amafuna `;` pamene ife talemba `,`, ndipo laputopu yobwera ndi m'bale kuchokera kumeneko imakhala ikadali ndi makonzedwe amenewo. Mu Excel ya Chipwitikizi ngakhale dzina limasintha, TEXT imakhala TEXTO. Mu Google Sheets ndi LibreOffice Calc, mayina a TEXT, MID ndi MAX amalembedwa chimodzimodzi.

Pomaliza kukonza, ikani mlonda pa mzati A. Usankheni wonse, mupite pa Conditional Formatting, Highlight Cells Rules, Duplicate Values. Nambala ikalembedwa kawiri, mabokosi onse awiri amasintha mtundu musanasindikize. Koma mlonda ameneyu, monganso MAX, amaona fayilo imene ili patsogolo pake yokha. Ngati mwini shopu ali ndi kope pa laputopu yake ndipo wogulitsa ali ndi lina pa kompyuta ya pa kauntala, onse awiri adzauzidwa kuti yotsatira ndi INV-0048, ndipo onse adzaipereka. Kaundula akhale mmodzi. Ngati malo ogulitsira ndi awiri, monga Limbe ndi Zomba, malo aliwonse akhale ndi kaundula wake ndi zilembo zake, LMB-0048 ndi ZA-0048, kuti nambala zisagundane. Ndipo amene analembetsa msonkho wa VAT adziwe kuti nambala ya mu Excel ndi ya mabuku awo a m'kati: silowa m'malo mwa lisiti kapena invoisi ya msonkho imene MRA imafuna kuti ituluke kudzera m'njira zake.